Kutuluka mugulupu mwakachetechete, malume ali adimini

Msuweni wathu wa ku Chinamwali akukwatira, ndiye achibale anatsegula gulupu ya WhatsApp yoti tizikambiranamo za ukwati. Zokambiranazo zinatha tsiku loyamba lomwelo, chotsala chinali listi ya zopereka yomwe amaiponya m'mawa, masana ndi usiku, dzina langa lili pompo ndi kamzere kopanda kanthu kutsogolo kwake. Kuphatikizanso mavidiyo a "mwadzuka bwanji" a azakhali ondithera bando. Mnzanga wina wokonza mafoni mumsika wa Zomba anandiuza kuti ase, ungotulukamo, kuyambira 2022 munthu ukatuluka gulu silionanso meseji ija yoti wakutiwakuti watuluka. Sananame ayi. Anangosiya theka la nkhani.

Pakati pa usiku ndinadina Exit group nkugona ngati khanda.

Theka lomwe anasiyalo ndi loti maadimini okha amauzidwabe. Ndipo adimini wa gulupu yathu ndi malume, munthu wopuma pantchito yauphunzitsi amene amadzuka nkhuku zisanatsike. Ena onse sanaone kanthu mu chati, zoona, koma pali kamalo kena komwe ine sindinkakadziwa: ukatsegula dzina la gulupu nkutsika kumapeto kwa mayina, pali poonera past members, ndipo aliyense wa mugulupu amaona amene anatuluka kapena kuchotsedwa m'masiku 60 apitawo. Anthu abwinobwino sapitako kumeneko. Alamu anga amapitako. Anajambula sikilinishoti nkuiponya mugulupu momwemo, akazi anga omwe anali adakali momwemo nkundionetsa ndikumwa tiyi.

Ndisanameze nkomwe, foni inalira, ndabwezedwamo. Apa ndiye panandipweteka, chifukwa kutuluka ndi kwachinsinsi koma kubwezedwa ayi, pamabwera kamzere pakati pa chati koti malume akulowetsa, aliyense nkuona. Ngakhale amene sanaone sikilinishoti ija anayamba kufunsa kuti kodi anapita kuti awa? Ndinalemba kuti mwana amaseweretsa foni. Azakhali anayankha kuti mwanayo ndi wanzeru, wasiya magulupu a mpira onse nkusankha wa zopereka.

Manyazi atandikwana ndinatulukanso.

Ulendo uno malume anayesa kundibweza koma zinakana. Ukatuluka kawiri mugulupu imodzi WhatsApp imamuuza adimini kuti adikire maola 24 asanakulowetsenso, ndipo ukamapitiriza khalidweli nthawi yodikirayo imakulirakulira. Ine ndinati eya, ndapeza mpata, tiyeni titseke chitseko. Ndinalowa Settings > Privacy > Groups, ndinachoka pa Everyone nkusankha My contacts except..., nkuchonga dzina la malume. Kutereko munthuyo sangakuponye mugulupu mwachindunji, foni imamuuza kuti akutumizire kaitanidwe kuinibokosi, iwe ndiye uvomere wekha, ndipo kaitanidweko kamafa pakatha masiku atatu. Pulani yanga inali yongokhala phee mpaka kafe kokha.

Koma foni ikakana kukulowetsa chonchi, adimini wochenjera amazindikira kuti iwe ndiye watchinga, ndipo malume anaphunzitsa ana a sitandade 8 zaka zambirimbiri, bodza amalinunkhiza lili kutali. Kaitanidwe kanabwera, ndinakasiya. Kasanafe ndinangomva odi pakhomo pathu ku Matawale, kusuzumira pawindo ndi malume akutsika kabaza, jekete yawo ya kutchalitchi ili pathupi, ambulera kukhwapa ngakhale kunalibe mtambo.

Anakhala pakhonde, analandira madzi, anafunsa za ana mmodzimmodzi osafulumira. Kenako anati, "Mphwanga, tabweretsa foni ija timuone mwana wovutayu."

"Malume, netiweki ikuvuta masiku ano."

"Ya kwathu ikugwira bwino. Dina apo."

Ndinadina Join group iwo akuyang'ana pamwamba pa magalasi. Zomwe anakambirana ndili kunja sizinabwere, chati inangoyambira pomwe ndalowera, ndiye sindinadziwe chifukwa chake anthu ankandiponyera timanja towomba ndi "zikomo achimwene, Mulungu akudalitseni". Malume ndi amene anandimasulira akuvala chipewa: komiti inagawana ntchito dzulo lake, ndipo poti panalibe wotsutsa, mbuzi ziwiri za paphwando anandilembera ine, pamodzi ndi thiransipoti yake yokazitenga ku Jali.

Za kabaza wobwerera ndinalipiranso ine.