Chigayo cha ku Ndirande ndi rileyi yomwe sinkateteza kanthu

Lolemba ndinaitanidwa ku Ndirande kukabwezera mota ya chigayo yomwe inali itangochokera kokulungidwa mawaya atsopano. Inapsa mwezi watha. Ndisanalumikize ndinatsegula bokosi la sitata, chifukwa mota siyenera kupsa pamene pali ovalodi rileyi, kachipangizo kodula magetsi mota ikakoka mphamvu yopitirira muyeso.

Chikwangwani cha pa motayo chimati makilowati 18.5, mavoti 400, maampu 35. Rileyi nayo inali pa 35. Poyang'ana mwachangu munthu ungati zili bwino, koma sitatayi ndi ya sitala-delita, yomwe imaliza mota pa sitala ndi mphamvu yochepa, kenako n'kuisinthira pa delita ikathamanga, ndipo rileyi inamangidwa pansi pa kontakitala yaikulu, pa mawaya opita ku makoyilo a mota. Mota ikakhala pa delita, pamenepo sipadutsa mphamvu yonse ya mu laini, pamadutsa gawo la 0.58 lokha. Choncho 35 × 0.58 = 20.3. Rileyi yoikidwa pa 35 pamalo amenewo imangoonerera mota ikupsa. Ndinaika ina yofika pa 20.

Lachiwiri chigayo chinagaya tsiku lonse. Kilampu mita inawerenga maampu 33 pa laini, 19 pa rileyi.

Lachitatu masana foni inalira. Magetsi anathima pang'ono, atayaka anayatsanso chigayo, rileyi n'kudula chisanafike pa delita. Mwini wake, bambo wachikulire, anandichonderera: "Amisiri, ingokwezaniko pang'ono kanambalako, anthu ali pamzere ndi matumba."

Ndinakana, ngakhale zinandipweteka kuona amayi atakhala padzuwa. "Bambo, kanambalako ndi komwe kanakuotcherani mota. Vuto lili pa nthawi yolizira."

Nambala ya pa rileyi imanena mphamvu yomwe mota ingakoke tsiku lonse. Kalasi imanena kuti rileyi ipirira nthawi yaitali bwanji mphamvu ikakwera kwambiri. Ikakhala yozizira, mphamvu n'kufika ka 7.2 kuposa nambala yoikidwayo, ya kalasi 10 imadula pasanathe masekondi 10, ya kalasi 20 pasanathe 20, ya kalasi 30 pasanathe 30. Koma timizere tachitsulo ta m'kati mwake tikakhala kale totentha, imadula msanga kwambiri. N'chifukwa chake m'mawa chigayo chinkalira bwino, masana n'kukana.

Ndinawerenga ndi wotchi: masekondi 18 chili pa sitala, chikukoka maampu pafupifupi 70. Titatsegula tinapeza chimanga chodzaza m'kati, chotsala pamene magetsi anathima. Titachotsa, nthawi inatsika kufika pa 12. Nyundo za chigayo n'zolemera, sizingathamange msanga kuposa apo.

Lachinayi ndinagula ku Limbe rileyi ya kalasi 20 n'kuiika pa 20 pomwepo. Sindinapite pa kalasi 30, chifukwa chigayo chikadzagwira, mota wamba ngati iyi ikhoza kupsa rileyi ikudikirabe.

Lachisanu tinazimitsa chigayo chili chotentha, mnyamata wogayitsa anakokolola chimanga chonse m'kati, tinadikira mphindi zisanu n'kuyatsanso. Chinalowa pa delita osadula. Pa chitseko cha bokosi ndinalemba ndi penti nambala 20 ndi kalasi yake, kuti mmisiri wina akadzabwera asadzaikweze.