Mmene Ndimazindikirira Kuti Wondifunsa Ali mu Jupyter

Pa ntchito yanga yothandiza anthu amene akuphunzira kusanthula manambala pakompyuta, mafunso ambiri amandipeza pafoni, ndipo wofunsayo kawirikawiri satchula pulogalamu imene akugwiritsa ntchito. Amangolemba zimene zamuonekera, monga mmene analembera mnzanga wina wa muofesi kuti: "Achimwene, selo yachisanu mu notibuku yanga ikukana, pomwe dzulo imayenda bwinobwino, ndipo kenelo inayambiranso yokha." Ndisanayankhe chilichonse, ndimayamba ndadziwa kumene munthuyo ali, chifukwa malangizo oyenera amene akulemba mu Excel angasocheretse amene akulemba khodi.

Choyamba, sindikhulupirira liwu limodzi palokha. Notibuku ikhoza kukhala laputopu kapena kope lolembamo. Selo ikhoza kukhala kabokosi ka mu Excel, koma amene ali mu Excel amatchula selo yake ndi chilembo ndi nambala, monga `B4`, ndipo amakamba za fomula. Kenelo ikhoza kukhala phata la Linux, koma amene akudandaula za kenelo yoteroyo amakamba za kompyuta yonse imene yakana kuyaka kapena za mawu akuti `kernel panic`. Zimasintha pamene mawu awiri kapena atatuwa apezeka m'chiganizo chimodzi, makamaka ngati selo ikutchulidwa ngati chinthu chimene munthu amachiyendetsa, ndipo ikuwerengedwa ndi malo ake, yachitatu kapena yachisanu. Pamenepo ndimadziwa kuti munthuyo ali mu Jupyter, chida cholembera khodi ndi kuiyendetsa m'zigawo zotchedwa maselo, kapena mu chida china chofanana nacho. Mneni ndi amene amandiuza zambiri kuposa dzina la chinthucho, pakuti selo ya mu Excel munthu amalembamo, pomwe selo ya mu notibuku amaiyendetsa podina `Shift+Enter`.

Kudziwa zimenezi sikundiuza chinenero chimene munthuyo akulembera. Jupyter inatuluka mu IPython m'chaka cha 2014, ndipo dzina lakelo limaloza ku zinenero zitatu, Julia, Python ndi R, kotero kenelo ikhoza kukhala ya chinenero chilichonse mwa zimenezi kapena china. Sikundiuzanso kumene khodiyo ikuyendera. Ngati munthu watchula `runtime` m'malo mwa kenelo, nthawi zambiri amakhala ali mu Google Colab, kumene khodi imayendera pa makina akutali osati pa laputopu yake, ndipo mafayilo amene anaika mu `/content` amafufutika makinawo akabwezedwa. N'chifukwa chake chachiwiri chimene ndimachita ndi kupempha chithunzi cha sikirini yonse, osati cha mzere wofiira wokha. Pachithunzipo ndimayang'ana dzina la fayilo ngati likuthera ndi `.ipynb`, dzina la kenelo limene limalembedwa pakona yakumanja pamwamba, ndiponso manambala amene ali kumanzere kwa selo iliyonse.

Chifukwa chenicheni chimene ndimachitira khama pa mawuwa n'chakuti notibuku ili ndi mbali ziwiri zimene wophunzira amaziona ngati chinthu chimodzi. Tsamba limene likuoneka pasikirini ndi fayilo chabe, ndipo limasunga khodi pamodzi ndi zotsatira zimene zinatuluka ulendo watha. Kenelo ndi pulogalamu ina yapayokha imene imayendetsa khodiyo ndi kusunga m'memole zonse zimene zapangidwa, monga matebulo amene awerengedwa ndi mayina amene apatsidwa. Kenelo ikafa kapena ikayambiranso, zonse za m'memolezo zimatha, koma tsamba limakhalabe mmene linalili, matebulo ndi magirafu a dzulo akuonekabe. Zili ngati bolodi la m'kalasi limene likuonetsabe masamu a dzulo pomwe mphunzitsi amene wabwera lero sakudziwa chimene chinaphunzitsidwa. Munthu akangotchula kenelo, ndimadziwa kuti vuto likhoza kukhala losaoneka m'khodi imene wanditumizira, ndipo ndimasiya kufufuza chilembo cholakwika n'kuyamba kufunsa za dongosolo limene maselo anayendetsedwera.

Chithunzi cha mnzanga uja chitafika, pansi pa selo yachisanu panali mawu awa:

```
NameError: name 'df' is not defined
```

Khodi ya m'selomo inalibe cholakwika. Kumanzere kwake kunali `[1]`, pomwe maselo anayi a pamwamba pake anali ndi manambala a dzulo, `[12]` mpaka `[15]`. Nambala imeneyi si malo a selo patsamba, koma imasonyeza kuti seloyo inali yachingati kuyendetsedwa chiyambire keneloyo. Choncho `[1]` pa selo yachisanu inatanthauza kuti imeneyi ndi selo yoyamba imene kenelo yatsopanoyo inalandira, ndipo selo yachiwiri, imene imawerenga fayilo ndi kupanga tebulo la `df`, inali isanayendetsedwe mu kenelo yatsopanoyo. Ndinamupempha kuti apite pa `Kernel` ndi kusankha `Restart Kernel and Run All Cells`, kuti maselo onse ayende motsatana kuchokera pamwamba. Njira imeneyi ndimaikonda kuposa kuyendetsa selo imodzi yosowayo, chifukwa imaulula ngati notibukuyo imadalira chinthu chimene chinapangidwa m'selo imene mwiniwake anaifufuta kale.

Maselo anayenda mpaka pa selo yachiwiri, pamene panaoneka `[*]` kwa kanthawi, kenako uthenga wokhala ndi mawu akuti `appears to have died. It will restart automatically.` Nyenyeziyo imatanthauza kuti selo ikugwirabe ntchito kapena ikudikira nthawi yake, ndipo payokha si chizindikiro cha vuto. Koma kenelo ikafa popanda uthenga wofiira wa Python, nthawi yomweyo pamene ikuwerenga fayilo yaikulu, chinthu choyamba chimene ndimachikayikira ndi kutha kwa memole. Apa mpamene ndinamvetsa chimene chinayambitsa zonse: kuyambiranso kwa kenelo kumene anatchula mongodutsa mu uthenga wake ndiko kunali vuto lenileni, ndipo `NameError` inali chotsatira chabe. Nditafunsa, anandiuza kuti m'mawa umenewo anaika fayilo yatsopano yaikulu kwambiri m'malo mwa ya dzulo. Tinayesa kuwerenga mizere yochepa kaye:

```python
import pandas as pd
df = pd.read_csv("malonda.csv", nrows=10000)
```

Selo inayenda, ndipo yachisanu inatsatira popanda vuto. Kenako tinasankha mizati imene ankaifunadi pogwiritsa ntchito `usecols`, ndipo tinatseka manotibuku ena amene anali atawasiya akuyenda, chifukwa kutseka tsamba la notibuku pa bulawuza sikuzimitsa kenelo yake, ndipo iliyonse imagwirabe gawo lake la memole kufikira itazimitsidwa ndi `Shut Down Kernel`.

Pali malire pa zimene mawuwa angandiuze, ndipo ndimawasamala. Pa Kaggle, tsamba la pa intaneti la osanthula manambala, manotibuku enieniwo ankatchedwa `Kernels` kale, kotero amene anaphunzirira kumeneko akhoza kunena kuti kenelo pomwe akutanthauza tsamba lonse. Mu VS Code, pulogalamu ina yolembera khodi, munthu akhoza kugawa fayilo wamba ya `.py` m'maselo polemba `# %%`, ndipo amakamba za maselo ndi kenelo ngakhale alibe fayilo ya `.ipynb`. Amene amaphunzitsa makina pogwiritsa ntchito masamu amatchulanso kenelo ponena za mtundu wa fomula, monga `kernel="rbf"`, ndipo munthu woteroyo akulembadi khodi, koma kumuuza kuti ayambitsenso kenelo sikungamuthandize. Ndikakayikira, ndimafunsa funso limodzi limene aliyense angayankhe ngakhale asakudziwa dzina la chida chake: kodi kumanzere kwa khodi yanu kuli nambala yotsekeredwa m'mabulaketi, ndipo ndi nambala yanji? Akayankha kuti ilipo, ndimapempha manambala a maselo onse kuchokera pamwamba, ndipo ndimayambira pa selo imene nambala yake yasemphana ndi za anzake.