Mtengo wa kapenta: sikelo yokha simanena zoona

Tsopano ndamvetsa pomwe bayoloje ndi za chuma zimakumana pa nkhani ya nsomba, ndipo mtima wakhala pansi. Zimakumana pa madzi a m'thupi la nsomba. Kapenta akamauma amataya madzi ambiri, moti pamafunika makilogalamu pafupifupi 3 a wamuwisi kuti papezeke kilogalamu imodzi ya wouma. Choncho kuyerekeza mtengo wa kilogalamu ya kapenta wouma ndi wa chambo chachiwisi pa msika wa Soweto ku Lusaka n'kusocheretsa, chifukwa pa chambocho ndalama yambiri ikugula madzi ndi minga.

Tiyerekeze kuti kapenta wa ku Siavonga ali pa K200 kilogalamu, chambo pa K70. Kapenta wouma ali ndi puloteni pafupifupi magalamu 60 pa magalamu 100 alionse, ndipo amadyedwa yense, ndiye kilogalamu ikupatsa magalamu 600. Magalamu 100 a puloteni akugwa pa K33. Chambo mukachotsa mamba, matumbo ndi minga, mnofu wotsala tingati ndi theka, magalamu 500, ndipo puloteni yake ndi pafupifupi magalamu 19 pa 100. Mwapeza magalamu 95 okha pa K70, kutanthauza K74 pa magalamu 100. Amene amaoneka wodula uja ndiye wotchipa, kuposa kawiri. Onjezani kashiamu wa m'mafupa, ndi ayironi ndi zinki zomwe munthu amapeza podya kansombako ndi mutu womwe.

Njira imeneyi, yowerengera mtengo pa michere osati pa kulemera, ine ndimaiona yoposa mafunso onse ofunsa khomo ndi khomo. Imangofuna sikelo yoyeza magalamu ndi kope. Koma gulani monga amagulira mayi wa ku Kanyama kapena ku Chawama, kamulu kamodzi, chifukwa wogula pang'ono amalipira zambiri pa galamu kuposa wogula thumba. Musanayeze, pepetani. Kapenta woyanika pansi amabwera ndi mchenga, wothira mchere ali ndi kulemera kosakhala puloteni, ndipo wosauma bwino amapindika m'malo mothyoka. Lembaninso tsiku, pakuti kapenta amakokedwa ndi nyale usiku ndipo mwezi ukawala sagwidwa wambiri.

Chondipweteka n'chakuti maphunziro awiriwa amaphunzitsidwa mosiyana. Wa bayoloje amafotokoza bwino kuti kapentayu, amene dzina lake la sayansi ndi Limnothrissa miodon, anachotsedwa ku nyanja ya Tanganyika n'kuikidwa mu Kariba cha m'ma 1967, koma za mtengo sakhudzako. Wa za chuma amajambula mizere ya mitengo ngati nsomba zonse n'zofanana. Nthawi yolumikiza ziwirizi imapezeka temu itatsala pang'ono kutha.

Pomwe masamuwa amathera ndi pa mbale. Kamulu kamodzi kakaphikidwa ndi tomato panyumba ya anthu 6, mwana wa zaka 2 amadya tinsomba tingati, ndipo msuzi wokha n'kuuwerengera bwanji? Apa ndidakaganizabe ngati sikelo ingalowe m'khitchini popanda kusintha momwe mayi amagawira ndiwo.