Ufulu wosankha umayankha Mackie, koma sufika kwa Rowe

Ophunzira ambiri a filosofi ya chipembedzo amasakaniza mafunso awiri osiyana pa nkhani ya zoipa, ndipo yankho lawo limasokonekera pomwepo.

Funso loyamba ndi la J. L. Mackie, la mu 1955. Iye anati mfundo zitatu sizingakhale zoona pamodzi: Mulungu ndi wamphamvuyonse, ndi wabwino kotheratu, koma zoipa zilipo. Zitatuzi pazokha sizitsutsana poyera, choncho Mackie anawonjezera zina ziwiri: wabwino amachotsa choipa chilichonse chimene angathe, ndipo wamphamvuyonse alibe chomukanika. Mkangano wonse wagona pa ziwiri zowonjezerazi.

Mu 1974 Alvin Plantinga anayankha kuti safunika kudziwa chifukwa chenicheni chimene Mulungu amalolera zoipa. Popeza Mackie akunena kuti n'zosatheka, kungosonyeza chifukwa chimodzi chotheka n'kokwanira. Chifukwa chimene Plantinga anapereka ndi ufulu wosankha: mwina zoipa zilipo chifukwa Mulungu anapatsa anthu ufulu wosankha chabwino kapena choipa. Koma Mackie anali atafunsa kale: bwanji Mulungu sanalenge anthu aufulu amene nthawi zonse amasankha chabwino? Apa m'pamene pali fupa. Taganizani za kalaliki amene akumupatsa chiphuphu. Ngati alidi mfulu, kulandira kapena kukana kuli m'manja mwake. Tinene kuti n'zoona kuti atamusiya yekha pamenepo angalandire. Ndiye kuti dziko limene iye akukana mwaufulu n'lotheka kuliganiza, koma Mulungu sangalikhazikitse, chifukwa akamukanitsa ufuluwo wathera pomwepo. Plantinga akuti mwina munthu aliyense amene Mulungu akanalenga akanalakwa kamodzi kapena kuposa. Ngati zimenezi zili zotheka, kutsutsana kwa Mackie kwagwa. Dziwani kuti yankholi likudalira ufulu umene sungayendere limodzi ndi kukonzeredwa zochita, ndipo si onse amene amavomereza tanthauzo limeneli.

William Rowe mu 1979 anabwera ndi funso lina. Mphezi yayatsa nkhalango, kamwana ka gwape kapsa, kavutika masiku angapo kenaka kafa, popanda munthu woona. Palibe amene anasankha kanthu. Rowe sakunena kuti n'zosatheka kuti Mulungu akhalepo. Akuti masautso otere, ochuluka chonchi, amene sitikuona ubwino umene akubweretsa, ndi umboni woti mwina kulibe. Mawu akuti "n'zotheka" pano sathandiza, pakuti chinthu chingakhale chotheka koma chokayikitsa kwambiri. Ngakhale ganizo la Plantinga loti masoka achilengedwe angachokere kwa mizimu yopanduka limangotseka funso loyamba lija.

Amene anamuyang'ana Rowe maso ndi maso ndi Stephen Wykstra mu 1984: kusaona chifukwa ndi umboni woti palibe chifukwa pokhapokha ngati tikanachiona chikanakhalapo, ndipo nzeru zathu n'zochepa poyerekeza ndi za Mulungu. Ine ndimaona kuti yankholi n'lamphamvu koma lili ndi mtengo wake. Ngati sitingadziwe kuti kupsa kwa gwape uja kunali kopanda phindu, tingadziwe bwanji kuti kumupulumutsa kukanakhala bwino?