Maodzi akatsika, wapindula ndi amene analowa kale

M'kope langa lolemberamo mabetcha ndawonjezera mizere iwiri. Kale ndinkalemba masewera, maodzi amene ndatenga, ndi ngati tikiti yadya kapena yapsa. Tsopano ndikulembanso maodzi otsegulira, amene kampani inatulutsa poyamba, ndi otsekera, amene analipo mpira usanayambe kumene. Mizere iwiriyi ikundiuza zambiri kuposa uja wa kudya ndi kupsa.

Maodzi ndi mtengo, ndipo kuseri kwa mtengowo kuli mwayi umene msika ukuupereka kwa timu. Kuti uuone, umagawa 1 ndi maodziwo. Maodzi a 2.00 akutanthauza 50 peresenti, a 4.00 akutanthauza 25. Munthu akazolowera kuwerengera chonchi, sachitanso chidwi ndi kutsika kulikonse. Timu yochoka pa 10.00 kufika pa 8.00 imaoneka ngati yagwa kwambiri, koma yangosuntha kuchoka pa 10 peresenti kufika pa 12.5. Pamene yochoka pa 1.50 kufika pa 1.40, imene ambiri saiona n'komwe, yasuntha kuchoka pa 66.7 kufika pa 71.4, pafupifupi kuwirikiza kawiri kwa ijayi. Kumeneko ndi kumene kwalowa ndalama zolemera.

Nanga amasuntha maodzi ndani? Ambiri amaganiza kuti kampani imangofuna kuti ndalama zifanane mbali zonse ziwiri. Zimachitika ndithu, koma kampani zimene zimatsogolera msika zimayang'ana kwambiri kuti wabetchayo ndani. Zimatsegula msika masiku angapo mpira usanafike, ndi malire ochepa a ndalama zimene munthu angaike. Akadaulo, aja amene mbiri yawo ikuonetsa kuti amapeza mtengo wabwino kawirikawiri, akaika mbali imodzi, kampani imasuntha maodzi msanga ngakhale ndalamazo zichepe. Imakhala yagula nzeru zawo motchipa. Tsiku la masewera likamayandikira malire aja amakwezedwa, chifukwa mtengo wawongoka ndipo kampani sikuopanso kwambiri. Mayina a osewera oyamba akatuluka, pafupifupi ola limodzi mpira usanayambe, mtengo umawongokanso komaliza. N'chifukwa chake maodzi otsekera ndiwo amayandikira choonadi kuposa ena onse.

Sitimu ndi pamene kusunthaku kwachitika mwadzidzidzi, mbali imodzi, m'makampani ambiri nthawi imodzi. Nthawi zina limakhala gulu la akadaulo laika ndalama m'malo angapo pamodzi, nthawi zina yatuluka nkhani yoti wosewera wodalirika wavulala. Koma tisapusitsidwe ndi kuchuluka kwa makampani amene asuntha. Ambiri mwa iwo sanalandire ndalama iliyonse, angotengera mtengo kwa otsogolera monga Pinnacle kapena pamsika wa Betfair, pamene obetcha amabetcherana okhaokha. Makampani khumi otsika pamodzi akhoza kukhala chigamulo cha gulu limodzi basi.

Tiyeni tione ndi manambala, pamsika wa zigoli wa Over 2.5, kutanthauza zigoli zitatu kapena kuposa, ndi Under 2.5, zigoli zosapitirira ziwiri. Msika watsegula pa 1.95 mbali zonse. Mbali iliyonse ikupereka 51.3 peresenti, zonse pamodzi 102.6. Chapamwamba cha 2.6 ndi phindu la kampani, ndipo ukachichotsa mwayi weniweni ndi 50 uku 50 uko. Kenako sitimu yagunda, Over yatsika kufika pa 1.80, Under yakwera kufika pa 2.10, ndipo msika watsekera pomwepo. Tsopano Over ikupereka 55.6, Under 47.6, zonse 103.2. Ukagawa iliyonse ndi 103.2 ija, upeza kuti msika ukunena kuti Over ili ndi mwayi wa 53.8 peresenti. Mtengo wopanda phindu la kampani ukanakhala 1.86.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Amene anatenga 1.95 sitimu isanafike ali ndi tikiti yabwino: 0.538 kuchulukitsa ndi 1.95 ikupereka 1.05, kutanthauza kuti pa ndalama 100 zilizonse zoikidwa motere, m'kupita kwa nthawi akuyembekezera kubweza 105. Amene anaona maodzi akutsika, n'kunena kuti akadaulo ali pa Over ndiye nanenso ndilowe, watenga 1.80. Wake ndi 0.538 kuchulukitsa ndi 1.80, zimene ndi 0.97. Pa 100 iliyonse akutaya 3. Onse awiri ali mbali imodzi, masewera omwewo, adzasangalala kapena kulira limodzi usiku womwewo, koma mmodzi wagula bwino, wina wagula modula. Mkadaulo uja sanakonde Over ayi, anakonda Over pa 1.95. Pa 1.80 mwina sakanaiyang'ana n'komwe.

Ndipo taonani kuti sitimu yonseyo yangochotsa mwayi pa 50 kuufikitsa pa 53.8. Pamasewera 100 otere, pafupifupi 46 Over idzapsabe. Ndiye wina akamakuuzani kuti maodzi atsika, masewerawo ndi otsimikizika, dziwani kuti manambala sakunena zimenezo.

Njira yokhayo yodyera sitimu utaiona kale ndi kupeza kampani yochedwa kusintha. Ngati ina idakali pa 1.92 pamene otsogolera afika pa 1.80, ndiye 0.538 kuchulukitsa ndi 1.92 ndi 1.03, phindu lilipo pang'ono. Vuto lake mpata wotere sukhalitsa, umatsekeka pamphindi zochepa, mwinanso masekondi. Komanso makampani ambiri amawazindikira msanga anthu ochita zimenezi n'kuwachepetsera malire mpaka kubetcha kusowa tanthauzo.

Za ndalama za chigulu, aja amabetcha timu yotchuka kapena zigoli zambiri chifukwa ndi zimene zimasangalatsa kuonera, ine ndili ndi chikayiko pa momwe anthu amaziwerengera. Amati ngati matikiti 75 pa 100 ali pa timu yaikulu koma maodzi ake akukwera m'malo motsika, ndiye kuti matikiti ochepa koma a ndalama zolemera ali mbali inayo. Maganizowo ndi omveka. Koma manambala a matikitiwo kawirikawiri amachokera ku makampani ochepa, si msika wonse, ndipo kuchuluka kwa matikiti si kuchuluka kwa ndalama. Ngakhale atakhala olondola, pofika nthawi imene iwe ukuona kuti maodzi asuntha mobwerera, mtengo wabwino uja wapita kale. Ndi vuto lomwe lija la 1.80.

Palinso kusuntha kopanda tanthauzo lalikulu. M'maligi ang'onoang'ono, kumene malire ndi ochepa, munthu mmodzi akhoza kugwetsa maodzi ndi ndalama zosachuluka. Ndiponso amene ali ndi ndalama zambiri akhoza kuika pang'ono mbali imene sakuifuna msika ukadali wofewa, maodzi a mbali inayo n'kukwera, iye n'kudzaikako zambiri malire atakwezedwa. Chizindikiro chake ndi mtengo umene watsika m'mawa n'kubwerera mwamphamvu mpira utayandikira.

Ndiye pano m'kope ndikuchita chonchi: betcha iliyonse ndikuyerekezera maodzi amene ndinatenga ndi otsekera a kampani yotsogolera, nditachotsa phindu lake. Kutenga 1.95 msika n'kutsekera pa 1.86 weniweni ndikulemba kuti ndagula bwino, ngakhale tikiti itapsa. Kutenga 1.80 ndikulemba kuti ndagula modula, ngakhale itadya. Zotsatira za matikiti zimafuna mabetcha mazanamazana kuti mwayi usiyane ndi luso, pamene muyeso uwu umayamba kuonetsa mbali msanga. Chimene chatsala ndi kugawa mabetchawa malinga ndi nthawi imene ndinawaika, a masiku awiri mpira usanafike paokha, a ola lomaliza paokha, kuti ndione kuti mtengo wotsekera ukundipitirira nthawi iti.