Ndodo ya mamita 2, yankho mamita 5.67

Sabata yathayi inali yochonga mayeso a pakati pa semesita a ophunzira a chaka choyamba. Lolemba ndi Lachiwiri zinayenda monga mwa nthawi zonse: kuphunzitsa m'mawa, kuchonga masana, choko chogula wekha. Lachitatu ndi pamene ndinafika pa funso la ndodo, ndipo kuchokera apo mtima sunakhalenso m'malo.

Funso lake silinali lozunguza. Ndodo yowonda, yotalika mamita 2, yagona pa mzere wa x kuyambira x = 0 mpaka x = 2. Densite yake, kutanthauza makilogalamu pa mita iliyonse, ndi λ(x) = 3 + 2x. Pezani senta ya masi, malo amene ndodoyo ingakhazikike mutaisanjika pa chala. Yankho limene ndinakumana nalo kawirikawiri pa mulu wa mapepalawo ndi 5.67 m, lolembedwa mwaukhondo, kunsi kwake atalembako mizere iwiri. Ndodo ikuthera pa mamita 2, koma wophunzira akuti muigwire pa mamita 5.67, m'malere, ndipo palibe chimene chinamugunda mumtima kuti apa pakhota.

Chimene chikundiwawa n'chakuti anawa kuintigileta amatha. Mwa amene analakwa, ambiri anapeza 34/3 molondola. Pamene akugwa ndi poyala intigilo, podziwa kuti chimene chikuwonkhetsedwa n'chiyani ndipo chikugawidwa ndi chiyani. Ameneyo ndi mutu wa tutoriyo, wa gulu laling'ono, pamene mphunzitsi amaima pambali pa mwana n'kumufunsa kuti, "dx ameneyu ndi chiyani pa ndodo yako?" Matutoriyo a kosi imeneyi anaima semesita itangoyamba chifukwa akuluakulu sanalipire otithandiza aganyu, ndipo pamsonkhano tinauzidwa kuti "tiphatikize" zonse mu lekichala. Mu holo yodzaza, amene ali kumbuyo sasiyanitsa λ ndi x pa bolodi. Amakopera fomula kwa mnzawo, n'kuiloweza.

Kayalidwe kake kamayambira pa kachidutswa kamodzi. Dulani ndodo m'maganizo, tengani kachidutswa kamene kali pa mtunda x kuchokera pa 0, kotalika dx. Popeza n'kakafupi kwambiri, densite sisintha kwenikweni m'kati mwake, choncho masi yake ndi dm = λ(x) dx. Kachidutswako kamafuna kupendeketsa ndodo mozungulira pa 0, ndipo mphamvu yopendeketsayo imadalira zinthu ziwiri: masi yake ndi mtunda wake. Imeneyo ndiyo momenti, x dm. Kuwonkhetsa tizidutswa tonse kumapereka ma intigilo awiri, osati imodzi:

```
M  = ∫₀² (3 + 2x) dx  = 6 + 4    = 10 kg
M₀ = ∫₀² x(3 + 2x) dx = 6 + 16/3 = 34/3 kg·m
x̄  = M₀ / M = 17/15 ≈ 1.13 m
```

Kugawa ndi M kuli ndi chifukwa chake. Tikufunsa kuti, makilogalamu 10 onsewo titawaunjika pa malo amodzi, malowo akhale pati kuti momenti ikhale yomweyo ya 34/3? Ndiye kuti 10 kuchulukitsa ndi x̄ zipereke 34/3. Wophunzira amene wamva chiganizo chimenechi sangagawe ndi china.

Amene anapeza 5.67 anagawa 34/3 ndi 2, kutalika kwa ndodo. Gwero lake ndikulidziwa: masabata apitawo tinaphunzitsa avareji ya fankishoni, imene imagawidwa ndi b − a, ndipo mafomula awiriwa asakanikirana m'mutu. Mayuniti akanawagwira dzanja. Kilogalamu-mita kugawa ndi mita zimatsala makilogalamu, ndiye yankho lawo ndi 5.67 kg, lomwe silingakhale malo pa ndodo. Ena anaiwala x wa m'momenti, natenga 10 kugawa ndi 2, nalemba 5 m. Nambala 5 imeneyo ilipodi, koma ndi avareji ya densite, 5 kg pa mita. Gulu lachitatu linangolemba 1 m, pakati penipeni, ngati kuti λ sinapatsidwe n'komwe.

Pali njira yodziyesa yokha imene siitenga ngakhale mphindi imodzi, ndipo ndikufuna izikhala ndi malikisi akeake. Densite ikukwera kuchoka pa 3 kufika pa 7, ndiye mbali ya kumanja ndi yolemera, senta iyenera kupitirira pa 1 m. Komanso ndodo imene densite yake ikukwera molunjika, ngakhale itayambira pa ziro penipeni monga λ = kx, senta yake imafika pa magawo awiri mwa atatu a kutalika kwake basi. Pa ndodo yathu amenewo ndi mamita 1.33. Yankho lililonse la kunja kwa 1 ndi 1.33 ndi lolakwa musanayang'ane n'komwe mzere wa ntchito.

Koma pepala limene linandiimitsa nthawi yaitali linali la mtsikana wina wakhama, amene yankho lake linali 1.19 m. Lili m'kati mwa malire aja, mayuniti ali bwino, ntchito yaukhondo. Iye anafunafuna malo a amene amagawa masi pakati, makilogalamu 5 uku, makilogalamu 5 uko. Anayala intigilo ya λ kuchokera pa 0 kufika pa a, naifananitsa ndi 5, napeza a² + 3a = 5, ndiye a = (−3 + √29)/2, pafupifupi 1.19. Samu yake ilibe banga. Kungoti wayankha funso lina.

Lachinayi anabwera ku ofesi atanyamula pepala lake. "Aphunzitsi, ngati ndodo yakhazikika, si ndiye kuti mbali zonse zikulemera mofanana? Nanga ikhazikika bwanji mbali ina italemera kuposa inzake?" Funso limeneli ndi labwino kuposa mayankho ambiri olondola amene ndinachonga, ndipo ambiri amene anapeza 1.13 poloweza fomula sakanatha kumuyankha.

Tinawerengera limodzi. Dulani ndodo pa 17/15. Chidutswa cha kumanzere n'chotalika mamita 1.13 ndipo masi yake ndi 3a + a² pa a = 17/15, pafupifupi 4.68 kg. Cha kumanja n'chachifupi, mamita 0.87, koma masi yake ndi 5.32 kg. Sizikufanana, kusiyana kwake kukupitirira theka la kilogalamu. Chimene chikufanana ndi momenti. Masi ya kumanzere ili patali ndi chala, avareji ya mtunda wake ndi pafupifupi mamita 0.515, pamene ya kumanja yaunjikana pafupi, pa mamita 0.454. Chulukitsani: 4.68 ndi 0.515 zikupereka 2.41, ndipo 5.32 ndi 0.454 zikuperekanso pafupifupi 2.41. Chopepuka chili patali, cholemera chili pafupi, ndodo yakhazikika. Mwa intigilo, senta ndi malo amene ∫(x − x̄) λ(x) dx pa ndodo yonse ikupereka ziro. Malo ogawa masi pakati ndi senta zimakumana pamene ndodo ili yofanana mbali zonse ziwiri, monga ya densite yosasintha, ndipo popeza zitsanzo zambiri za ku sekondale ndi za rula ya mita imodzi, ana amakula akuganiza kuti ndi chinthu chimodzi.

Izi zimamveka msanga munthu akaziona ndi maso. Tengani nsungwi yowuma yaitali, yonenepa kutsinde, yowonda kunsonga. Igonekeni pa zala ziwiri zolozera, china uku china uko, n'kumazisendeza pang'onopang'ono kuti zikumane. Chala chimene chili patali ndi senta chimanyamula katundu wochepa, ndiye ndicho chimatsetsereka, mpaka zala zonse zikumane pansi pa senta. Lembani chizindikiro pamenepo, dulani ndi sowo, yezani zidutswa ziwirizo. Cha kutsinde, chachifupicho, chimalemera kuposa chinzake. Ndinafuna kuchita zimenezi Lachisanu pamaso pa kalasi yonse. Sikelo ya mu labu inawonongeka kalekale, fomu yopempha kuti ikonzedwe inapita ku ofesi ndipo sinabwerere. Tinabwereka sikelo ya kukhitchini ya mnzathu wina wa mu dipatimenti. Zidutswa zitakwera pa sikelo, holo inayamba phokoso, ena akuti ndadula pokhota. Ndinapereka nsungwi ina kwa amene amatsutsa kwambiri kuti apeze senta yekha, adule yekha. Zotsatira zinali zomwezo.

Vuto lina limene ndinaliona pa mapepala angapo ndi la amene anasuntha poyambira kuyeza. Kusuntha si kulakwa, ndipo nthawi zina kumafupikitsa ntchito. Mukaika ziro pakati pa ndodo, malire amakhala −1 ndi 1, koma λ nayonso iyenera kusintha, chifukwa x = s + 1, ndiye λ = 5 + 2s. Masi imatuluka 10 yomweyo, momenti 4/3, senta pa s = 2/15, kutanthauza masentimita 13 kumanja kwa pakati, malo omwe aja a 1.13. Iwo anasintha malire okha n'kusiya 3 + 2x mmene inalili, masi inatuluka 6 kg. Ndodo siingataye makilogalamu 4 chifukwa choti mwasuntha rula. N'chifukwa chake ndimauza ophunzira kuti akasintha poyambira, ayambe aona λ pa nsonga zonse ziwiri: kumanzere ipereke 3, kumanja ipereke 7. Ikapanda kutero, asapitirire.

Ndondomeko yogawira malikisi imene tinagwirizana mu dipatimenti ikupereka malikisi ambiri pa kuintigileta, ndipo pa kuyala dm ndi kusankha chogawira ikupereka ochepa. Zotsatira zake, wa 5.67 m akupeza malikisi ochuluka kuposa mtsikana wa 1.19 m, chifukwa 34/3 ikuoneka pa pepala lake. Ndinadandaula kwa akulu a dipatimenti, iwo anati tisasinthe ndondomeko kuchonga kuli m'kati, zimene ndikuzimvetsa. Koma ambiri mwa ana amenewa akupita ku uinjiniya, kumene chaka chamawa adzawerengera mabimu onyamula katundu wosafanana, ndi intigilo yomweyi ya x kuchulukitsa ndi katundu wa pa mita. Ndapempha kuti pa mayeso omaliza funso lotere ligawidwe patatu: kujambula kachidutswa ndi kulemba dm pamodzi ndi mayuniti ake, kunena malire amene yankho liyenera kugweramo asanawerengere, kenako kuwerengera. Ndapemphanso ola limodzi pa sabata la tutoriyo, ngakhale titagawana tokha aphunzitsi popanda malipiro owonjezera. Chipinda chokha ndicho chikufunika, ndipo yankho la ofesi yogawa zipinda tikulidikirabe. Malikisi a mayeso ano akufunika Lolemba, ndipo mulu wa gulu lachiwiri sindinauyambe.