Lachitatu: silaidi yomaliza yandidyera tsiku

Mawa 9 koloko ndikuyankhula pa miting'i ya akulu a madipatimenti, nkhani yake ndi fomu yatsopano yopemphera tchuthi pa foni m'malo mwa mapepala aja amangosowa m'madilowa. Masilaidi 12 ndinamaliza dzulo ndipo m'mawa uno ndimangoti ndiwawerenge kamodzi basi, koma nditafika pa yomaliza mtima unakana.

Pamwamba panali "Zikomo! Mafunso?" zilembo zikuluzikulu, kenako pansi pake tinthu 5: yankhani kafukufuku wathu, lowani gulu la WhatsApp, tsitsani kabuku ka malangizo, ndilembereni imelo ngati pali funso, ndiye komalizira penipeni, tumizani dzina la munthu mmodzi wa mu dipatimenti yanu woti ayese nawo fomuyi kwa masabata 4. Ma QR awiri, timabokosi ta madontho tija timene umaloza ndi kamera ya foni kuti linki itseguke, mbali ndi mbali, logo pakona. Ndikuika zonsezi ndinkaona ngati ndikuwathandiza, kuti aliyense apeze chake.

Cha m'ma 10 ndinaitana asisi ena omwe timakhala ofesi imodzi, sakudziwa kalikonse za ntchitoyi ndiye ndi amene ndimafuna. Ndinayatsa silaidiyo ndi Shift+F5, ndinawerenga chamumtima mpaka 5, kenako ndinadina B, mu PowerPoint ukadina B nthawi yoonetsa sikirini imada bii. Ndiye ndinawafunsa, asisi mwauzidwa kuti mukatani? Anaganiza kaye nkuti, "Kulowa pa gulu la WhatsApp eti? Panalinso zina koma sindinazigwire."

Apa mpamene panandiwawa. Gululo ndi chinthu chopanda ntchito kwenikweni pa zonse 5, ndinangoliikapo poti linalipo kale. Chimene ndikuyimilira kutsogolo mawa ndi mayina aja, popanda mayina palibe kuyesa, popanda kuyesa fomu ifera mu laputopu mwanga. Koma ndinachiika pa nambala 5, ndi zilembo zofanana ndi zinzake. Ndipo vuto sikuiwala kokha ayi. Munthu ukampatsa zopempha zingapo amatola chophweka, amachita, mtima nkukhala pansi kuti wandithandiza. Bwana alowa gulu la WhatsApp ndi chala chimodzi ali pampando pomwepo, atuluka akumva bwino, dzina osatumiza. Chopempha chopepuka chimadya cholemera, zimenezi sindinaziganizepo dzulo.

Pali lamulo lina lomwe opanga mapulogalamu amalitchula kawirikawiri, la Hick, la mu 1952, loti zosankha zikachuluka nthawi yoti munthu asankhe imatalikanso. Iye ankayesa ndi timagetsi ndi mabatani osati masilaidi, ndiye sindikufuna kulikoka mopitirira, koma kumapeto kwa miting'i anthu amakhala akutseka makope, wina wayamba kale kuona mameseji, nthawi yoti aganize kuti pa 5 izi ndiyambe iti palibe.

Ndinatenga pepala nkudzifunsa funso limodzi pa chilichonse: akachita ichi chokha, zina zonse osachita, ntchito ipita patsogolo? Kafukufuku ayi, sanaigwiritsebe fomuyo ndiye ayankha chani. Kabuku ayi, ndi ka oyesa aja osati mabwana. Imelo yanga ali nayo kale onse. Gulu ayi. Chinatsala chimodzi.

Kulemba chiganizo chakecho kunanditengera nthawi kuposa mmene ndimaganizira. Poyamba ndinalemba "Tigwirane manja pa ntchitoyi", zokoma kumva koma munthu akafika pa desiki yake agwira dzanja la ndani? Kenako "Tithandizeni kupeza oyesa", bolaniko koma sizikunena angati, liti, atumize kuti. Chomwe chakhala ndi ichi:

"Tumizani dzina la munthu mmodzi wa mu dipatimenti yanu pofika Lachisanu 12 koloko."

Chikuyamba ndi chochita, chili ndi nambala, chili ndi tsiku ndi ola. Ndipo ndikhoza kuwerenga Lachisanu masana kuti madipatimenti 8, mayina abwera angati, ndani sanatumize. "Tigwirane manja" sungaiwerenge. Pansi pake ndaika kamzere kamodzi kakang'ono, "Zitenga mphindi imodzi, woyesayo adzafunika mphindi 15 pa sabata", chifukwa ndikuwadziwa, funso loyamba m'mutu mwa bwana aliyense ndi loti munthu wanga mundilanda nthawi yaitali bwanji.

"Zikomo! Mafunso?" ndachotsa. Zikomo ndinena ndi pakamwa. Silaidi yomaliza ndi imene imakhala pakhoma nthawi yaitali kuposa zonse, zina zija zimadutsa mphindi imodzi imodzi koma iyi imakhala mphindi 10 zonse za mafunso, ndiye ndi kuwononga kuti nthawi yonseyo anthu aziyang'ana mawu oti zikomo.

Masana ndinapita mu chipinda cha miting'i kukayesa pa pulojekita yeniyeni, ndipo bola ndinapita. Chiganizo chija pa saizi 28 chimaoneka bwino pa laputopu koma nditakhala mpando wakumbuyo chinali chofooka, ndakweza kufika 44, chatenga mizere iwiri, palibe vuto poti malo alipo tsopano. QR ndatsala ndi imodzi. Foni yanga imakanika kuigwira kuchokera kumbuyo, ndinayeza ndi mapazi, pafupifupi mamita 8 kuchoka pa khoma. Kawerengedwe kosavuta nkoti m'lifupi mwa QR mukhale gawo limodzi mwa 10 a mtunda womwe munthu ali, ndiye mamita 8 akufuna QR ya masentimita 80 pakhomapo, yanga inali mwina 30. Ndaikulitsa mpaka yatenga theka la kutalika kwa silaidi, ndasiya malo oyera kuzungulira osagundana ndi chilembo chilichonse. Chinanso, linki yanga inali yaitali kwambiri ndiye timadontho ta QR tinali tothithikana, nditaifupikitsa nkupanganso QR timadontho tinakula, foni inagwira pompo. Linki yaifupiyo ndailembanso pansi ndi zilembo, pali ena kamera ya foni yawo ndi yovuta kapena angofuna kukopera mu kope.

Fomu yomwe QR ikutsegula nayonso ndaidula, inali ndi mafunso 7, pano 2: dipatimenti, dzina la woyesa. Sizingakhale bwino kulonjeza mphindi imodzi pa silaidi kenako munthu akapeze mafunso odzadza sikirini. Zina zija sindinazitaye. Linki ya kabuku ndi ya gulu ndaziika pa uthenga umene umabwera munthu akamaliza kutumiza, kafukufuku adikira masabata 4 athe.

Chomwe chinandivuta mumtima ndi abwana anga. Atadutsa cha m'ma 3 anaona nkuti, "Nanga kafukufuku uja mwamuchotseranji, anthu onse akakhala pamodzi ndi mwayi umenewo." Ndikuwamvetsa, mabwana 8 chipinda chimodzi sizichitika pafupipafupi ndiye umafuna ukolole zonse tsiku lomwelo. Ndinawayankha kuti bwana, tikapempha ziwiri ena achita ichi ena icho, tidzakhala ndi theka uku theka uku, ndipo theka la mayina silitiyambitsa ntchito. Sanavomere ndi mtima wonse koma anati yesani tione. Tagwirizana kuti kafukufuku apite pa imelo payekha nthawi yake ikakwana.

Ndisanaweruke ndinagwira achimwene ena a ku akaunti pa khonde, ndinawaonetsa masekondi 5, B, funso lomwe lija. Anati, "Nditumize dzina la munthu mmodzi Lachisanu lisanafike 12." Mawu onse, ndi ola lomwe.

Ndalemba pa kapepala ndamata pa laputopu kuti ndikafika silaidi 12 ndisadinenso, chifukwa ukapitirira imabwera sikirini yakuda ija ya "End of slide show, click to exit." ndiye pempho lasowa pakhoma nthawi ya mafunso. Wina akafunsa za silaidi yakumbuyo ndibwererako, ndikayankha ndilemba 12 ndi Enter kuti ibwerenso. Ndipo ndikawerenga chiganizocho mokweza ndikhala chete masekondi 20 kuti atulutse mafoni, kukhala chete kumeneko ndi komwe ndikuyeserera usiku uno chifukwa pakamwa panga sipazolowera.